Nyama Yochindikala ya Apongozi

Magetsi a ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka, amathima wani koloko masana, ndipo ngakhale amachedwa pa zina zonse, pa kuthima sachedwa. Petronella anayang'ananso wotchi ya pakhoma. Nsomba inali itangolowa mu uvuni.

Pabalaza panakhala apongozi ake, a Kabamba, chikwama chomanga kale chili pamapazi. Chitulukireni m'chipatala, kumene adokotala anawaletsa mafuta ndi mchere wambiri chifukwa cha mtima, mkuluyu ankangolawa chakudya n'kukankha mbale. Munthu wobadwira ku Luapula, wokulira m'bwato, mumupatse nsomba yowiritsa yoyererako? M'mawa umenewo ananena mosapsatira kuti akwera basi yamadzulo kubwerera kwawo, akafere komwe kuli nsomba. Mankhwala ndi madokotala atsale nawo eni Lusaka.

Petronella anachita zonse monga anamuphunzitsira mnzake wa kuntchito. Uvuni anautenthetsa kaye mpaka madigiri 200. Nyama za nsomba ya mpende zochotsa minga anaziyala pa foilo, chidutswa chilichonse pachokha, n'kuikapo anyezi, tomato ndi ndimu, kenaka kupinda m'mbali kuti nthunzi isathawe. Zidutswa zinali zopyapyala ngati chala, kupatula chimodzi. Chimenecho anachisankha yekha kumsika, chakufupi ndi mutu wa chinsomba chachikulu, chochindikala zala ziwiri. Mkulu wa pakhomo sapatsidwa kamchira.

Patatha mphindi khumi ndi ziwiri anatulutsa thireyi. Anatsegula kaphukusi kamodzi, nthunzi inamuwomba kumaso, nyama ili mbee, ikumasuka yokha pa foloko. Anatsegula ka apongozi. Kunja kunali koyera bwino, koma foloko itafika pakati inakana. M'katimo munali monyezimira ngati galasi, mosapsa.

Apo m'pamene anakumbukira mawu ena a mnzake aja, amene anawamva ndi khutu limodzi: nthawi imatsata kuchindikala, mphindi khumi pa inchi iliyonse, kuwonjezapo zisanu chifukwa cha foilo. Ulemu wake womwe ndiwo unamugwetsa. Anapindanso foiloyo, n'kubwezera chidutswacho mu uvuni. Atangotseka chitseko, firiji inasiya kulira.

Mwamuna wake Fabian analowa m'khitchini akuyenda chonyang'ama ngati wakuba m'nyumba yake yomwe.

"Malaiti yayenda," ananong'ona, ngati kuti mkazi wake analibe maso. "Ba Tata bafunsa ngati tili na taxi. Bapatse chabe kang'ono aka kapya."

"Ine nipatse ba Tata kamuchila, iwe udye chikulu? Bazayamba kuyenda na mendo."

"Ndiye leta pani, tikazinge pa mbaula. Mafuta pang'ono chabe."

"Mafuta yamene yanabagoneka mu chipatala?"

Fabian anatambasula dzanja kuti asuzumire mu uvuni. Petronella analimenya dzanjalo, phaa, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni.

"Osatsegula! Moto wasala mukati ndiye wonse tili nao."

Uvuni wotseka umasunga kutentha kwa kanthawi, koma ukatsegula kamodzi basi kwapita. Anaima chotsamira chitsekocho ngati mlonda, akumva kufunda kumbuyo kwa miyendo. Chidutswacho chinkafuna mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa moto wonse. Pa moto wozilala chonchi anaganiza zochipatsa khumi. Anali ndi mantha enieni. Msodzi ukamupatsa nsomba yaiwisi pakati sakudzudzula, amangosamba m'manja.

Pabalaza panamveka kukhosomola, kenaka zipi ya chikwama, kenaka ndodo ikugogoda simenti kulowera kukhomo.

"Ba Tata, nkhalani pang'ono," anatero Fabian akuthamangirako. "Chakudya chabwela."

"Chakhala chibwela kuchokela pa Mande," anayankha mkuluyo.

Petronella anapirira mpaka singano ya wotchi itafika pomwe ankafuna. Anatsegula foilo, nalowetsa foloko pakati penipeni pochindikala. Nyama inagawanika m'magawo oyera mpaka pansi, msuzi wake uli m'mbali.

Anagwada pafupi ndi mpando, n'kuika mbale patebulo, phukusi lili chitsegukire. A Kabamba anabwerera kuchoka pakhomo pang'onopang'ono, mphuno ili patsogolo. Anakhala, anasamba, ndipo foloko sanaiyang'ane n'komwe. Analowetsa chala chachikulu pakati pa nyamayo, pomwe msodzi aliyense amayambira, naibanthula, naiyang'anitsitsa. Anadya. Anatenganso, nanyowetsa m'msuzi uja. 

Atamaliza anapukuta foilo ndi chala, n'kukankhira chikwama pansi pa mpando ndi phazi.

"Mayo," anatero kwa Petronella osamuyang'ana, "mucele ulibe. Mawa ukagule yaikulu monga iyi, nizakuonetsa posankha."

Petronella anatola mbale n'kulowa m'khitchini. Kumeneko anakhala pansi pafupi ndi uvuni wozizira uja, akulira mosatulutsa mawu.