Mkaka wa M'chitini

Mwini nyumba atakweza lendi, mayi wa golosale anakweza mtengo wa chilichonse mofanana, kuyambira machesi mpaka mafuta odzola. Ankati chilungamo n'chomwecho, pasakhale katundu wokonderedwa. Golosaleyo anamusiyira ndi malemu mwamuna wake, ndipo akanalephera lendi yatsopanoyo, loko wa mwini nyumba akanalendewera pachitseko.

Koma katundu sanamve za chilungamocho. Mchere, machesi ndi makandulo zinkatuluka monga kale. Mabisiketi anayamba kuvala fumbi, zakumwa zinangokhala m'firiji n'kumadya magetsi, ndipo buledi anthu ankakagula kutsidya kwa msewu, n'kumadutsa naye pakhomo pake akumupatsa moni mwaulemu. Moni woteroyo ndi umene unkamuwawa kwambiri.

Mng'ono wake, amene ankagwira ntchito ku holoselo, kumene eni magolosale amapikula katundu, atabwera kudzacheza anayang'ana mashelefu n'kuseka mpaka kupukuta misozi.

"Achemwali, mwamwetsa odwala onse mankhwala amodzi. Safunsa anadya phula."

Anamufotokozera atakhala pa kireti. Anati mchere ukakwera munthu amadandaula koma amagulabe, chifukwa palibe cholowa m'malo mwake, komanso paketi imodzi imakhala nthawi yaitali, ndiye kukwerako sikumveka m'thumba. Bisiketi munthu amatha kungoiwala, ndipo buledi wa pano ndi wa kutsidya ndi mmodzimodzi, miyendo ndi yaulere. Pa zoterozo ukakweza pang'ono ogula amathawa ambiri, moti zimene wapeza pa otsalawo sizikwirira dzenje la othawawo. Funso ndi limodzi, anatero: munthu akakana mtengowu, apita kuti?

Kenako analoza zitini za mkaka wa makanda pashelefu yapamwamba. M'dera lonselo mkakawo unkapezeka m'golosale yomweyi basi, ndipo kukaufuna kutauni n'kutaya ndalama ya basi. Mwana salira mogwirizana ndi mtengo. Apa, anatero mng'onoyo, ndi pamene pali lendi.

Mayi wa golosale anamvera. Buledi, mabisiketi ndi zakumwa anazibwezera pamtengo wakale, mchere ndi machesi anazisiya pamwamba pomwepo, ndipo mkaka anaukweza kachiwiri. Zinayendadi monga mng'ono wake ananenera. Odutsa ndi moni aja anayambanso kulowa, zitini sizinasiye kutuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamulonjera mwini nyumba mtima uli m'malo. Anayamba kunyadira nzeru yatsopanoyo, mpaka ankayang'ana shelefu iliyonse n'kumadzifunsa kuti kodi katundu uyu angapirire zingati.

Mmodzi wa ogula mkakawo anali telala wa pakhonde la nyumba yoyandikana. Mkazi wake anamwalira pobereka, ndipo khandalo linkagona m'beseni lochapira, pansi pa tebulo la makina, pa zidutswa za nsalu. Sanadandaulepo za mtengo. Anangosiya kugula shuga, kenako masamba a tiyi, kenako sopo wosambira. Mayiyo anaziona, koma anaganiza kuti bamboyo wayamba kugula kutsidya, ndipo anamukwiyira pang'ono mumtima.

Tsiku lina masana telalayo anabwera ndi chitini chopanda kanthu, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanapemphe china. Anachitembenuza, n'kuloza timalemba ta kumbuyo.

"Mayi, inu mwalerapo ana. Apa akuti masipuni atatu. Ndikamathira awiri, madzi omwewo, pali vuto?"

Mayi wa golosale anamva manyazi mpaka kumapazi. Anaganiza za mawu aja, akuti katundu uyu amapirira. Chitini sichipirira kanthu. Ankapirira ndi bambo uyu, ndipo shuga ndi sopo zitatha, kupirirako kunali kutafika pa botolo la mwana.

Anamuuza mwamphamvu kuti asayerekeze, mwana angafooke. Anakwera pa kireti, anatsitsa chitini chatsopano, n'kutchula mtengo wakale uja, wa lendi isanakwere. Telala anayang'ana kapepala ka pashelefu, n'kuyang'ana iye.

"Kapepalako kanalakwika, bambo," anatero akukamatula.

Mng'ono wake atamva, anapukusa mutu n'kumukumbutsa kuti mwini nyumba salandira chifundo. Mayiyo sanatsutse. Anawonjezera pa mtengo wa fodya, podziwa kuti osuta amatukwana mtengo ndudu ili kale pakamwa, koma anadziwanso kuti fodya yekha sangatseke dzenje lonselo. Firiji anaigulitsa mwezi womwewo.

Pamene panali firijiyo panatsala chidindo cha fumbi, ndipo masana kukatentha ankaikapo beseni logonamo khanda lija. Makina a telala ankamveka kukhonde, mayiyo n'kumayeza yekha masipuni atatu, odzaza bwino.