Chigoli cha Dominiko

Dominiko anatha miyezi itatu asanawachinyepo alamu ake, a Kumbusko, pa gemu ya mpira ya pafoni. Loweruka lina ali pakhonde ku Chilomoni, chigoli chinalowa, cha mutu, pulogalamu yojambula sikirini ili mkati mojambula.

Madzulo onse anali pa ntchito. Anadula vidiyoyo mpaka kutsala masekondi khumi ndi awiri, nachedwetsa pamene mpira ukugwedeza ukonde, naikapo kanyimbo. Chomwe chinamunyansa chinali chimodzi: pulogalamu yaulereyo inadinda dzina lake pakona yakumwamba, chidindo chachikulu ngati cha pa thumba la feteleza. Kuti chichoke, inamuuza aonere kaye malonda. Anaonera mpaka kumapeto, bandulo ya intaneti ikupita, chidindo n'kuchoka. Osayang'ananso, anaponya vidiyoyo pa gulu la WhatsApp la anzake a ku Makata.

Woyamba kuyankha anali a Kumbusko.

"Alamu, chigoli n'chokongola. Koma chidindo chija mukanachisiya."

Dominiko anaitsegulanso vidiyoyo. Pakona paja, poyera bwino tsopano, panali zigoli za masewerowo: Kumbusko 9, Dominiko 1.