Mawu a Malemu Laison Anachedwa Kutuluka

Mayi Bridget a ku Nambuma anasiya kumva chidwalireni malungo aakulu, ndipo uphunzitsi anausiyira pomwepo. Amuna awo, a Laison, omwe anali mlangizi wa alimi a mtedza, anamwalira mvula itangoyamba.

Tsiku lina masana kunabwera a Nickson, mnzawo wa malemu kuntchito. Anawapeza mayiwo m'chigafa akusankha fodya. Analemba pa foni n'kuwaonetsa: "Ndangoika kumene pa intaneti vidiyo ya msonkhano womaliza wa abambo. Ankalankhula ndi alendo m'Chingerezi."

A Laison anaonekadi m'vidiyomo, ataima m'munda ndi jekete lomwe anaikidwa nalo m'manda. Milomo inkagwedera, dzanja likuloza mizere. A Bridget anadina pomwe pamatulukira mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Sipanatuluke kanthu.

"Kodi mawu ali kuti, bambo?"

A Nickson analemba: "Sanakonzeke, mayi. Makina amayamba amvetsera vidiyo kenako n'kulemba okha. Yaifupi imatha msanga, koma iyi ndi yaitali ndipo muli mphepo. Mwina maola angapo, mwina mawa. Pomwe alankhula Chichewa sadzalemba zolondola, chifukwa makinawo sachidziwa."

Mlendo atapita, a Bridget anaitsegula vidiyoyo pa foni yawo. Fodya anamuiwala. Ankangoyang'ana mwamuna wawo akuyasamula kukamwa ngati munthu woitana ali tsidya la mtsinje wodzaza. Chapakati pa vidiyo, a Laison anasiya kulankhula, n'kutembenuka kuyang'ana kamera, maso ali tong'o.  A Bridget anadinanso. Zii.

M'mawa mwake mawu anali atatuluka. Anawerenga za mbewu, za chuku, za kaumitsidwe ka mtedza. Mawu ena anali opotoka, dzina la mudzi litasanduka zosamveka, moti mayiwo mpaka anaseka. Kenako panafika pomwe a Laison anatembenuka paja. Kukamwa kunali kotseka. Pansi panatuluka liwu limodzi: Bridget.

Anakwera kabaza mpaka ku ofesi ya a Nickson pamsika.

"Tamverani apa. Akunditchula ndani?"

A Nickson anaika foni kukhutu. Anabweza, n'kumveranso. Anaitana mlembi wa ofesiyo, a Rute, nawonso anamvera, kenako anaiika foniyo patebulo msangamsanga n'kutuluka panja.

"Ndi mphepo chabe," a Nickson analemba. "Makina amalakwitsa, phokoso amaliyesa mawu. Ndingathe kulifufuta liwulo."

Sankawayang'ana mayiwo kumaso.

"Musafufute," anatero a Bridget. Anatenga foni yawo, n'kuimanga pamfundo ya chitenje. Kabaza sanamufunenso. Anayenda wapansi mpaka kwawo, ndipo panjira anacheuka kangapo.