Masekondi Awiri Owonjezera

Amayi ananena kamodzi kokha, ndipo amayi athu sabwereza mawu. “Bambo anuwo abwere, akhale kumbuyo, adye. Koma nkhope yawo ikaoneka pakhoma ngati munthu amene analera ana, ine ndinyamula chikwama changa n’kutuluka.”

Ukwati unali wa mzime wathu, mlongo wanga, amene bambo anamusiya ali ndi zaka zinayi. Ine ndimagwira ntchito mu situdiyo yojambula zithunzi, ndiye pabanja pathu chilichonse cholowa m’kompyuta chimagwera ine, popanda ndi zikomo yemwe. Anandipatsa zithunzi makumi atatu ndi nyimbo ya mphindi zitatu kuti ndipange kanema woonetsa muholo. Masamu ake ndi osavuta: chithunzi chilichonse masekondi asanu ndi limodzi.

Chithunzi chongoima pakhoma chimagonetsa anthu tulo, ndiye umachiyendetsa pang’ono. Umaika kadontho poyambira, kusonyeza mbali imene diso liyambire kuona, kenako kadontho kena pothera, ndipo kompyuta imayenda yokha pakati pa timadontho tiwiriti, kaya kuyandikira kaya kutsetsereka cham’mbali. Ukafulumiza anthu amachita chizungulire. Ukayandikira kwambiri chithunzi chakale, nkhope imasanduka phala.

Vuto linali chithunzi cha nambala 19. Ndi chokhacho chimene tili tonse: amayi kumanzere, ine pakati ndi mano osakwana, mzime atavala kabudula womuposa, ndi bambo kumanja ataimirira, dzanja lawo lili paphewa la mwanayo.

“Asisi, chimenecho chisachoke,” anatero mzime. “Ndilibe china.”

Poyamba ndinachipatsa masekondi asanu ndi atatu, chiyambire pa amayi, chidutse pa ife, chikwere kukathera pankhope ya bambo. Amayi atanena mawu awo aja, sindinasunthe kadontho kothera. Ndinangodula chithunzicho kumchira kuti chithe pa sekondi yachisanu ndi chimodzi, pamene pakuoneka nkhope ya mzime ndi dzanja lokha paphewa. Mzime anaona dzanja, anakhutira. Amayi anaona kuti palibe nkhope, anangoti “Hmm.” Ine ndinadziona wochenjera kwabasi.

M’mawa wa ukwati, ndili ndi nsapato imodzi kuphazi, mlamu wanga mkwatibwi anaimba foni.

“Alamu, pepani zedi. Nyimbo ija tasintha, ndakutumizirani ina. Si nkhani yovuta eti?”

Anthu amene sanagwirepo ntchito imeneyi ndiwo amadziwa kuti si yovuta. Nyimbo yatsopanoyo inali ya mphindi zinayi, kutanthauza masekondi asanu ndi atatu pa chithunzi. Ndinakhala pansi ndi diresi yanga yopanikiza m’mimba, ndikukoka chithunzi chilichonse kuti chitalike, kenako kukankhira kadontho kothera kumapeto, apo ayi chithunzi chikanayenda n’kuima njii masekondi awiri ngati galimoto yothera mafuta. Ndinayesetsa kuti kusintha kwa zithunzi kuzigwera pa kugunda kwa nyimbo. Panja amalume anali akuliza hutala ya galimoto. Ndinatulutsa kanemayo, ndinaonera zithunzi zitatu zoyambirira, n’kuika pa fulashi.

Muholo anatseka makatani cha m’ma 3 koloko masana. Ine ndinakhala pafupi ndi amayi patebulo lakutsogolo. Kompyuta inali uko, kuseri kwa keke, m’manja mwa mkulu wa zokuzira mawu. Bambo anali patebulo lomaliza pafupi ndi chitseko, atavala jekete yooneka kuti ndi yobwereka.

Zinayamba bwino. Mkwatibwi ali khanda, chithunzi chikuyandikira pang’onopang’ono m’maso mwake, anthu n’kumati “Eee!” Mzime ali pa njinga, chithunzi chikutsetsereka kulowera kumene njingayo yaloza. Chilichonse chimasintha ndendende pa kugunda. Azakhali anatembenuka kundikwezera chala chachikulu.

Pa chithunzi cha 12 ndi pamene mtima wanga unagwa. Ndinakumbukira kuti m’mawa, nditakoka chithunzi china, ndinapeza kadontho kali kale kumapeto, ndipo ndinakondwa poganiza kuti chimenecho ndakonza kale. Sindinakonze kanthu. Chinali cha 19. Kudula chithunzi sikufafaniza kadontho, kumangokabisa, ndipo ine ndi manja angawa ndinabwezera masekondi awiri aja amene ndinabisamo bambo.

Ndinayamba kuwerenga. Panatsala zithunzi zisanu ndi chimodzi cha 19 chisanafike, mphindi imodzi yosakwana. Kuti ndikafike pa kompyuta ndinayenera kudutsa kutsogolo kwa pulojekita, mthunzi wanga pakhoma ponse, n’kuzimitsa kanema wa mlongo wanga pamaso pa anthu mazana awiri. Ndinayesa kukodola mkulu wa zokuzira mawu, koma iye anali kalikiliki ndi mwendo wa nkhuku.

Cha 15. Ndinatembenukira kwa amayi.

“Amayi,” ndinanong’ona, “simukufuna kupita kokadzithandiza?”

“Ndine mwana ine?”

Cha 17. Ndinayang’ana mzime kutsogolo, akuseka, atagwira dzanja la mkazi wake, osadziwa kuti mayi ake atsala pang’ono kutuluka pa ukwati wake chifukwa cha ulesi wanga. Ndinachita mantha enieni.

“Amayi, ndalakwitsa penapake. Sindinachite dala.”

“Khala chete, ndikuonera.”

Cha 19 chinafika. Amayi pakhoma, achitsikana, tsitsi lalikulu. Chithunzi chinatsetsereka modekha mmene ndinachipangira, chokongola mopweteka. Ine ndi mano anga, anthu anaseka. Mzime ndi kabudula wake, anasekanso. Dzanja paphewa. Apa ndi pamene chinayenera kutha, koma chinapitirira kukwera: mkono, malaya oyera, kolala, chibwano. Nkhope ya bambo inadzaza khoma, ikumwetulira, ndipo kuseka konse kunazima kumbali ya abale athu. Masekondi awiri ndi nthawi yaitali.

Amayi anatola chikwama pansi n’kuchiika pamiyendo. Ndinaona mzime atasiya dzanja la mkazi wake. Kumbuyo mpando unalira: bambo anali ataimirira, chipewa m’manja, akuyang’ana chitseko, kuti atuluke iwo amayi asanatero.

Amayi sanatembenuke. Analankhula ndi mawu aja amene ankatiitanira tili kutali, omveka ngakhale nyimbo ikulira.

“Auzeni akhale pansi. Asandiwonongere ukwati wa mwana wanga.”

Amalume anathamangira kumbuyo. Mpando unaliranso. Pakhoma panali pafika kale cha 21, mzime atanyamula satifiketi, koma ndikukayika ngati alipo anachiona.

Ndinadikira chilango changa mutu uli pansi. Amayi anatsegula chikwama, anatulutsa kampango, anapukuta pansi pa magalasi, n’kubwezera chikwamacho pansi pa tebulo.

“Wawaona malaya aja mmene anayerera?” anandifunsa, maso ali pakhoma.

“Eya, amayi.”

“Anali nawo amodzi okhawo. Ndinkachapa madzulo, m’mawa ndasita, tsiku ndi tsiku zaka khumi ndi ziwiri.” Anapinda kampango kaja kanayi. “Bola anthu aona.”