Machenjezo Anayi ku Khombedza

Bungwe la aphunzitsi opuma ndi amalonda a nsomba ku Khombedza linali ndi zinthu zisanu: lole, nyumba ya alendo, golosale, boti la injini ku Mbenji, ndi kagawo m'chigayo cha ku Chitala. Lamulo linali lakuti phindu la chinthu likatsika miyezi itatu yotsatizana, woyang'anira apereke chenjezo. Chaka cha 1983, mphepo ya mwera itangoleka, machenjezo anabwera anayi. Chigayo chokha ndicho chinali zii.

Ine ndinali nditangomaliza ku koleji ya Chancellor. Anandilemba ntchito yowerengetsa chuma, ngakhale tiyi wa komiti ankandiyang'ananso ineyo.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, Loweruka masana. Apampando, a Lawson, anabwera ataganiza kale.

"Mavuto anayi, mankhwala amodzi," anatero. "Boti ndilo latsika kwambiri. Tiligulitse, tiwonjezere gawo lathu m'chigayo. Eni ake atiuza okha kuti khomo ndi lotsekula."

Eni akewo anali mkulu wina wa Chipani, mwini esiteti ya fodya ku Chitala. Dzina lake sitinkalitchula wamba. Wailesi nayo inali italeka kulitchula, ndipo aliyense m'kalasimo ankadziwa zimenezo payekhapayekha.

Ndinapempha kulankhula. Ndinali nditajambula phindu la chinthu chilichonse, mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, papepala lopyapyala lakelake. Ndinasanjikiza la lole, la nyumba ya alendo ndi la golosale, n'kuwagwirizira pawindo kuti dzuwa lipyoze.

"Mukuona mizere ingati?"

"Umodzi wonenepa," anayankha mayi Jamila, amene ankagulitsa utaka wouma. "Ngati ine."

Anthu anaseka pang'ono.

"Zitatuzi zimakwera pamodzi, zimatsika pamodzi," ndinatero. "Si machenjezo atatu ayi. Ndi limodzi, langofika pamakomo atatu."

Kenaka ndinaikapo la boti. Mzere wake unkayenda zake: pansi miyezi imene ku Mbenji amatseka usodzi, pansi mwera ukakula, m'mwamba nthawi zina zonse, osasamala za anzake.

"Boti likudwala injini, a Mose oliyang'anira anena kale. Matenda akewo ndi akeake. Zinazi zikagwa, lotigwira ndi lomweli."

"Nanga chigayo, mwanawe? Sichinalire chimenecho," anatero a Lawson.

Ndinaika pepala la chigayo pamwamba pa zitatu zija. Silinagwirizane nazo. A Lawson anamwetulira. Ndinalikokera kumanzere miyezi iwiri, mzere wake n'kulowa mwa unzake ngati phazi m'nsapato.

"Chimatsatira m'mbuyo. Chikugayabe chimanga chimene chinagulidwa kale. Chenjezo lake lili m'njira."

A Mose, amene ankayang'anira boti, anayamba kupenda zikhadabo zawo. Panalibe wosadziwa kuti lole imanyamula fodya ndi feteleza wa ndani, kuti m'nyumba ya alendo mumagona alendo a ndani, kuti pagolosale amagula ndi antchito a ndani akalandira, ndi kuti chigayo chimagaya phoso la matenanti a ndani.

A Anderson anali atakhala kumbuyo, pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba. Anali membala ngati ena onse, komanso ndiwo ankagulitsa makadi a Chipani pamsika. Analankhula mofatsa kwambiri.

"Zamveka bwino, achemwali. Sukulu ndi yabwino. Ndiye mwati chenjezo ndi limodzi. Likuchenjeza za chiyani?"

"Mizere imangoonetsa kuti zikuyendera limodzi, bambo. Siinena chifukwa."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinayamika aphunzitsi anga chamumtima.

"Koma inuyo mukuganiza kuti n'chiyani? Tiuzeni, tilembe m'maminitsi. Kodi pali chimene mwamva kuti chichitika ku Chitala?"

Mayi Jamila anandiponda chala pansi pa tebulo, mwamphamvu.

"Mwina mvula," ndinatero.

"Mvula," anabwereza a Anderson, akuyang'ana panja pomwe fumbi linali kuwuluka. "Chabwino. Poti ndi mvula, palibe chotiletsa kulandira ulemu umene akuluakulu atipatsa. Kapena alipo wina akuona kuti chigayo chawo si malo abwino?"

A Lawson anayang'ana mapepala anga nthawi yaitali. Anaphunzitsa masamu moyo wawo wonse. Sindikukayika kuti anamva zonse. Anapukuta magalasi, nati amene akuvomera kugulitsa boti akweze mkono.

Mikono inakwera umodziumodzi, wina aliyense akuyamba wayang'ana mnzake. Wa a Mose unafika pakhutu pokha, koma anauwerenga. Ine ndinalibe voti.

Wogula anapezeka msanga, munthu wa ku Nkhotakota. Tsiku lolitenga boti ndinapita kugombe kukasainitsa. A Mose anamasula okha chingwe, n'kumuuza wogulayo kuti injini imafuna kuinyengerera m'mawa. Kenaka anandifunsa, osandiyang'ana:

"Mwati miyezi iwiri?"

"Mwina itatu."

Anagwedeza mutu, n'kukankha botilo.