Msana wa amake Idi

Inu a kwa Kaliyeka amene tinkatungira pampope umodzi, tamvani. Ndikulira a Hafsah, amake Idi, aja ankakazinga mandasi pafupi ndi chigayo. Tawaika sabata yatha. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, ndiye ndilemba mmene ndikukumbukira.

Chinali chaka cha 2005. Rozina, mkazi wa mwana wanga Medson, anali ndi pakati pa miyezi inayi. Mimba ziwiri zoyamba anapita padera. Ndiye ndinamuuza kuti iyi asauze munthu mpaka ionekere yokha. Kwathu ku Dowa amayi anatiphunzitsa choncho, kuti mimba yolengeza anthu oipa amaimanga.

Madzi ankatunga ndi Rozina. Medson ankalawirira kuntchito ku Kanengo, ine mkono wakumanjawu unasiya kalekale kukwera m'mwamba. Ndowa yaikulu ija, kasanu pa tsiku. Msana unayamba kumupweteka.

Atabwerako kusikelo, Rozina anandipeza ndikutola nyemba.

"Amayi, anesi akuti ndisamawerame ponyamula. Ndizinjuta, msana uli chilili, ndowa pafupi ndi thupi, ndizidzuka ndi miyendo. Osapotoka m'chiuno katundu ali m'manja. Akuti ndizitunga theka, ndipo wina azindisenzetsa."

"Ndiye akuti ntchito usiye?"

"Ayi, akuti kuyenda ndi bwino. Koma akuti pakati pamafewetsa m'chiunomu, msana suchedwa kuvulala. Ndikaona magazi kapena m'mimba mukamapotokola, ndithamange kuchipatala."

Ine ana asanu ndi awiri ndinkasenza nkhuni mpaka tsiku lochira. Komanso msana wangawu lero ndi uwu, sindigona chagada. Olondola ndani? Ndipo mtsikana wamphamvu ngati Rozina, wozolowera kudzisenza yekha, akayamba kutunga theka n'kumati ndisenzetseni, pampope ponse sadziwa?

"Tunga monga kale," ndinatero. "Uzingosamala."

Kusamala kwake kotani, inenso sindinadziwe.

M'mawa mwake ndinamutsatira ndi kachigubu kanga. Anadzaza ndowa, anawerama, anaikoka kufika m'mawondo, kenako anangouma. Ndowa pansi, madzi m'miyendo mwa anthu. Anagwira msana, maso ali kwa ine. Ndinene kapena ndisanene?

Apo a Hafsah, amene anali kumbuyo kwake pamzere, anadzaza ndowa yawo n'kuyamba kubuula.

"Mayo msana wanga. Rozina, nawenso? Ndowa zimenezi zitimaliza. Kuyambira lero ine sindisenza ndekha. Amake Angella, tabwerani mugwire uku."

"Inuyo msana? Simunakalambe ndi mandasi omwewo?" anatero amake Angella, mnansi wathu, akuseka.

"Sekani, mudzandipeza kuchipatala. Njutani, osawerama ngati mukusesa. Eya. Tidzukire limodzi."

A Hafsah anatulanso ndowayo, anadzichotsera madzi mpaka theka. Kenako anathira theka linalo mu ndowa ya Rozina, anadikira kuti ululu uphwe, iwo ndi amake Angella n'kumusenzetsa pankhata. Kunyumba anabweranso kudzamutula, chifukwa akuti potula m'pamene msana umathyoka. Magazi sanaoneke. Rozina anagona chammbali masiku awiri, madzi akubwera ndi a Hafsah.

Kuchokera apo tsiku lililonse a Hafsah ankakalipa pampope. Aliyense wowerama ankamunyoza kuti akufuna kukalamba asanakwatiwe. Azimayi anayamba kusenzetsana awiriawiri, ena mongoseka, ena a theka ngati iwo. Rozina anabisala m'gulumo. Palibe anamuloza chala.

Koma sabata yomweyo ndinawaona a Hafsah akuchokera kumsika, thumba lathunthu la fulawa pamutu, akuyenda ngati mtsikana.

"Amake Idi, si paja msana?"

"Ukupweteka, anaPhiri. Umayamba ndikafika pampope."

Sanaseke n'komwe. Ndinafunsa Rozina ngati anawauza, analumbira kuti ayi. Nanga za kunjuta anazimva kuti? Mwina kusikelo nthawi ya mimba ya Idi. Mwina msanawo unkapwetekadi, ine ndikungowanamizira. Mimba itaonekera palibe mayi anadabwa, ndiye kapena onse ankadziwa, wobisiridwa ndinali ine.

Mwana anabadwa bwinobwino, Chisankho uja mumamuonayu, ndipo Rozina anachira akuyenda yekha wosagwira msana. Mpaka lero sindidziwa ngati chinasunga mimbayo ndi kubisa kwanga. Anesi anati mimba zoyamba zija sangadziwe chinazichotsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinamutuma mpongozi wanga kukawerama ndi ndowa yodzaza, ndipo womuwolotsa anali munthu wakumzikiti amene sindinamupemphe.

Zikomo sindinanene. Ndikanathokoza, ndikanavomera kuti ankadziwa, ndiye ndinkangoti mawa, mawa.

Inu otsala, makamaka atsikana a pampope, dzina la a Hafsah lisathe m'kamwa mwanu. Muziwatchula, muziuzako ndi ana anu, poti ine mutu wayamba kutaya zinthu.