Fayilo ya maloko

Nthambi yanga, gawo la pulogalamu ya pa kompyuta limene ndinkalemba, inakana kulowa m'nthambi yaikulu ya pulogalamuyo. Ine ndi mnzanga wa ku ntchito Chatsika tinali titawonjezera malaibulale osiyana, tizidutswa ta pulogalamu tolembedwa kale ndi ena, ndipo fayilo ya maloko, imene makina amalembamo mavezhoni a malaibulale onse, inawombana m'malo makumi atatu, makina n'kuika zizindikiro pa malo onsewo.

Bwana anaima kumbuyo kwanga. "Achimwene, kasitomala akudikira. Ingofufutani zizindikirozo pamanja."

"Bwana, fayilo imeneyi salemba munthu. Titenge ya nthambi yaikulu, kenako makina ailembenso kuchokera pa mndandanda wa malaibulale. Mphindi makumi awiri basi."

"Tilibe mphindi zimenezo."

Ndinamvera. Ndinasankha mzere uwu, ndikutaya uwo, mpaka zizindikiro zinatha. Pa kompyuta yanga zonse zinayenda, poti malaibulale anali kale m'menemo. Koma seva, kompyuta yaikulu yoperekera pulogalamu kwa kasitomala, itayamba kuwakoka mwatsopano, inapeza vezhoni ya laibulale ina ili ndi chidindo chotsimikizira cha vezhoni inzake, n'kukana. Kasitomala sanalandire kanthu tsikulo.

Mawa lake ndinakonza monga ndinanenera poyamba, zinatheka. Pamsonkhano bwana anafunsa kuti wagwira fayiloyo ndani. Mbiri ya zosintha inaonetsa dzina langa lokha. Chatsika, amene anamva bwana akundilamula, anangoyang'ana pansi, ine n'kulandira kalata yochenjeza.